Funso la CCP ndi PRP: pomwe ambiri amaterereka pa mayeso

Pa mayeso a kasamalidwe ka chakudya pali funso lina lomwe limagwetsa ngakhale anthu amene akhalitsa pa ntchito ya m'fakitale. Amakupatsani mndandanda wa zochitika pokonza chakudya, n'kukufunsani kuti musiyanitse CCP ndi PRP. Ambiri amathamangira chimene akuona kuti n'chofunika kwambiri, monga kusamba m'manja, n'kuchitcha CCP. Malikisi amathera pomwepo, chifukwa funsoli silifunsa chimene chili chofunika kuposa chinzake. Likufunsa za ntchito imene chinthu chilichonse chimagwira.

Mawu awiriwa ndi a dongosolo la HACCP, lomwe linayamba ku Amereka m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ya Pillsbury ndi bungwe la NASA ankakonza chakudya cha anthu opita mumlengalenga. PRP ndi ukhondo wa tsiku ndi tsiku umene uyenera kukhalapo ntchito isanayambe n'komwe: kutsuka ziwiya, kuthana ndi makoswe ndi mphemvu, madzi abwino, kuphunzitsa antchito. Zimenezi zimateteza malo onse, sizilimbana ndi vuto limodzi. CCP ndi malo amodzi pa mzere wokonzera chakudya pomwe choopsa chodziwika chimapewedwa, kuchotsedwa kapena kuchepetsedwa mpaka chakudyacho chisavulaze munthu.

Titenge funso la fakitale ya mkaka. Mndandanda uli ndi zinthu zisanu: kulandira mkaka kuchokera kwa alimi, kutsuka mapaipi, kusamba m'manja, kutenthetsa mkaka m'makina, ndi kutchera makoswe.

Yambani ndi kutchula choopsa. Mu mkaka wosawiritsa mumatha kukhala tizilombo monga Salmonella ndi Listeria. Kenako funsani: kodi kutsogoloku kuli malo ena ophera tizilomboti? Polandira mkaka yankho ndi inde, popeza mkakawo ukupita kokatenthetsedwa. Choncho pa nkhani ya tizilombo, polandirira si CCP. Potenthetsa yankho ndi ayi. Tizilombo tikapulumuka apa, tilowa m'paketi mpaka tifike m'kapu ya mwana.

Chizindikiro chachiwiri ndi malire oyezeka. Mkaka uyenera kufika madigiri 72 n'kukhala pamenepo masekondi 15. Makina amalemba kutenthako nthawi yonse, ndipo kukatsika, valavu imabweza mkakawo kuti ukatenthetsedwenso. Apa pali zonse: choopsa chodziwika, nambala yolekanitsa chabwino ndi choipa, kuyeza pompopompo, ndi chochita ndi mkaka umene walephera. Imeneyi ndiye CCP.

Tsopano yesani kusamba m'manja ndi muyeso womwewo. Mungaike nambala yanji yoti ikaphonyeka mudziwe mapaketi oyenera kuwagwira? Palibe. Woyang'anira akapeza wantchito sanasambe, amamubweza kumpopi ndi kumuphunzitsanso. Akapeza ndowe za khoswe m'nyumba yosungira katundu, amaitana otchera n'kutseka mabowo. Chimene chikukonzedwa ndi khalidwe la munthu kapena malo. Pa CCP, malire akaphonyeka, maso amapita pa chakudya chenichenicho: chigwidwe, chikonzedwenso kapena chitayidwe. Kutsuka mapaipi, kusamba m'manja ndi kutchera makoswe, zonsezi ndi PRP.

Koma olemba mayeso ndi ochenjera. Amatha kusintha mawu ochepa okha, n'kunena kuti choopsa ndi mankhwala opha mabakiteriya amene ng'ombe inabayidwa, otsalira mu mkaka. Kutenthetsa kwa masekondi 15 sikuchotsa mankhwala amenewa, ndipo kutsogolo kulibe makina owasefa. Zikatero, kuyeza mkaka polandira n'kubweza umene wapezeka ndi mankhwala kumatha kukhala CCP. Malo ake ndi omwewo, koma yankho lasintha chifukwa choopsa chasintha. N'chifukwa chake woloweza pamtima kuti "polandirira si CCP" amagwa nayo.

Msampha wina ndi wa chipangizo choyezera kutentha. Kuchiyesa ngati chikunena zoona si CCP, ngakhale kuti CCP imadalira icho. Kumeneko ndi kutsimikizira kuti dongosolo likuyenda, ndipo mkaka sudutsapo.

Amene akulemba mayeso a ISO 22000, muyezo womwe unatuluka mu 2005 n'kukonzedwanso mu 2018, akumananso ndi gulu lachitatu, OPRP. Ili limalimbana ndi choopsa chachikulu chodziwika, koma chitsimikizo chake chikhoza kukhala choona ndi maso, monga kuona kuti sefa sinang'ambike. Ngati pepala lanu langotchula CCP ndi PRP, musalowetsemo gululi.

Poyankha, musangolemba zilembo zitatu n'kusiya. Tchulani choopsa, malire ake, woyeza ndi nthawi yoyezera, ndiponso chimene chichitike ndi chakudya malirewo akaphonyeka. Mukaona kuti chimodzi mwa izi chikukana kulembeka, bwererani mukaganizenso, chifukwa kawirikawiri chimene mwagwiracho ndi PRP.