Maola 6 a ukwati, mphindi 5 za kanema: amasankha bwanji?

Wojambula akabwera kuchokera ku ukwati, zimene watenga zimakhala zambiri zoti palibe angakhale pansi n'kuzionera zonse. Ntchito yozidula ndi kuzilumikiza pa kompyuta imagwera munthu wina, ndipo luso lake lagona pa kudziwa zoti ataye. Tiyerekeze ndi mtsikana amene wangoyamba ntchitoyi pa situdiyo ina m'tauni.

Abwana ake amupatsa zojambula za maola 6, kuyambira ku tchalitchi mpaka ku holo, kuti atulutsemo kanema wa mphindi 5. Ndiye kuti pa mphindi 72 zilizonse asungepo imodzi yokha. Iye akuchita zimene oyamba kumene amachita: akuthamangitsa kanemayo n'kumatola paliponse pamene chithunzi chaoneka bwino. Keke yawala, diresi yaoneka yonse, galimoto zandandalika. Abwanawo ataonera, angofunsa kuti, "Kodi mayi a mkwatibwi sanabwere ku ukwatiwu?"

Mayiwo analipo. Kamera yachiwiri inawajambula nthawi yovekana mphete, koma chithunzicho chinagwedera pang'ono ndipo mutu wa munthu wina unatchinga mbali imodzi. Mtsikanayo anachitaya poganiza kuti n'cholakwika.

Funso la abwanawo likugwirizana ndi zimene amaphunzitsa Walter Murch, mmodzi mwa amene analumikiza filimu ya Apocalypse Now ya mu 1979 kuchokera pa zojambula za maola pafupifupi 230. M'buku lake lotchedwa In the Blink of an Eye anaika mfundo 6 zoganizira podula. Kukhudza mtima wa woonera anakupatsa 51 pa 100, ndipo kupititsa nkhani patsogolo 23. Zina zonse, kuphatikizapo kulondola kwa pamene munthu waima m'chipinda, zikugawana zotsalazo. Mwachidule, chithunzi chogwedera chimene chikuonetsa mayi akulimbana ndi misozi chimaposa chithunzi chosalala cha keke.

Mtsikanayo wayambiranso, koma ulendo uno sakudula kalikonse mpaka ataonera zonse. M'mapulogalamu monga Adobe Premiere Pro ndi DaVinci Resolve, batani la `L` limayendetsa kanema kutsogolo, `J` kumbuyo, `K` limaimitsa. Paliponse pamene waseka kapena mtima wamugunda, akudina `M` kuika chizindikiro n'kupitirira. Chifukwa chake n'chakuti munthu ukaonera chinthu kakhumi sichikukhudzanso, choncho mmene unamvera poyamba ndi mmene adzamvere woonera.

Kenaka akubwerera pa mayi aja, ndipo apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Chithunzi chawo n'chotalika masekondi 40. Kwa nthawi yaitali angokhala chete, maso kutsogolo. Mphete italowa chala, milomo yawo yanjenjemera, atsitsa mutu, n'kukoka nsonga ya chitenje kupukuta m'maso. Zonsezi zatenga masekondi 4 okha. Akadina `I` kuti chidutswa chiyambe pamene misozi yatuluka kale, woonera angoona mayi wolira osadziwa chawaliza. Ayenera kuyamba nkhope ikadali bata, sekondi imodzi milomo isanagwedere, kuti kusinthako kuchitike woonera akuona. Pa kanema wa mafulemu 25 pa sekondi, kusuntha podulira ndi mafulemu 12 ndi pafupifupi theka chabe la sekondi, komatu diso limazindikira. Ndipo `O` adine chitenje chikangofika kumaso, asanatembenuke n'kuona kuti akujambulidwa, poti munthu akadziwa kuti kamera ili pa iye nkhope imauma.

Perekaniperekani, amene amadya maola ambiri ku holo, amusaka ndi khutu. Mzere woonetsa mawu umatukuka pamene nthungululu zalira, ndipo akabwerera m'mbuyo pang'ono apeza chimene chazichititsa, kaya ndi agogo amene alowa m'bwalo ndi ndodo yawo. Pa maola awiri atengapo masekondi 20. Akatenga zidutswa zitatu za anthu oponya ndalama motsatizana, chachitatucho sichiuzanso woonera kanthu, ngakhale chikhale chokongola.

Pali malire ake. Chithunzi chogwedera anthu amachikhululukira, koma malumbiro osamveka chifukwa cha phokoso sapiririka, ndiye pamenepo ndi bwino kusiya chithunzi n'kuikapo nyimbo. Komanso ukwati si filimu ya kubwalo la zisudzo. Ankhoswe ndi atsibweni akasowa m'kanema pamabuka mlandu, n'chifukwa chake pambali pa wamfupiyu pamafunika wina wautali momwe aliyense adzipezemo.

Ngati mukuphunzira ntchitoyi, mukamaliza kudula itanani munthu amene sanapite ku ukwatiwo aonere. Inu musayang'ane kompyuta, yang'anani iyeyo. Pamene wagwira foni yake, lembani nthawiyo, mukadulepo.