Tchuthi chikagwa Lamulungu: kalembedwe ka chidziwitso chosasokoneza anthu

Chaka cha 2024, tsiku lokumbukira anthu amene adafera ufulu wa dziko lino, la pa 3 Malichi, lidagwa Lamulungu. Kuno ku Malawi tchuthi cha boma chikagwa Loweruka kapena Lamulungu, anthu amapuma Lolemba lotsatira, choncho maofesi ndi mabanki adatseka Lolemba pa 4 Malichi. Nkhaniyo ndi yapafupi kuinena pakamwa. Imavuta ikafika pa pepala lomwe kalaliki akukamata pa bolodi la zidziwitso, kapena pa uthenga womwe bwana akuponya pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito.

Tiyerekeze kuti chidziwitsocho chalembedwa chonchi: "Dziwani kuti tchuthi chasunthira pa 4/3/24." Mmalawi wophunzira sukulu zathu awerenga kuti ndi pa 4 Malichi, chifukwa ife timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, n'kumalizira chaka. Ku Amereka amayamba ndi mwezi, kotero mlendo wochokera kumeneko, monga amene amadzagwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu, awerenga kuti ndi pa 3 Epulo. Kusiyana kwake ndi mwezi wathunthu. Wina anganene kuti pa ofesi pawo palibe Mwamereka, koma Mwamerekayo nthawi zambiri amakhala ali m'kati mwa kompyuta. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa kale pa kalembedwe ka ku Amereka, ndipo munthu akalemba 4/3/2024 mu Excel pa kompyuta yotere, pulogalamuyo imasunga 3 Epulo mwakachetechete, osachenjeza. Ngati ndandanda ya mashifiti kapena ya malipiro ikuchokera pa fayilo yomweyo, cholakwikacho chimakaonekera pa mapeto a mwezi, anthu akudandaula za ndalama.

Msampha umenewu sugwira masiku onse. Tsiku likapitirira 12 palibe angalisokoneze ndi mwezi, n'chifukwa chake 15/1, tsiku la John Chilembwe, ndi 14/5, tsiku la Kamuzu, sizivutitsa aliyense. Ngakhale 3/3 weniweniyo amawerengeka chimodzimodzi mbali zonse. Amene ali ndi vuto ndi 4/3, tsiku limene tchuthi chasamukira, lomwenso ndi chifukwa cholembera chidziwitsocho. Chaka chomwecho, 6 Julayi adagwa Loweruka ndipo anthu adapuma Lolemba pa 8 Julayi. Wolemba 8/7/24 adasiya khomo lotsegula kuti wina awerenge 7 Ogasiti.

Mankhwala ake ndi kulemba zinthu zinayi pamodzi nthawi zonse: dzina la tsiku, nambala ya tsiku, dzina la mwezi m'mawu athunthu, ndi chaka cha manambala anayi. Lolemba, 4 Malichi 2024. Dzina la tsiku lili ndi ntchito yaikulu kuposa momwe ambiri amaganizira, pakuti ndilo limagwira cholakwa. Pa 3 Epulo 2024 padali Lachitatu, choncho woona mawu akuti Lolemba pambali pa deti angadabwe msanga ngati wawerenga mokhota. Koma wolembayo ayang'ane pa kalendala asanasindikize. Ambiri amangotenga chidziwitso cha chaka chatha n'kusintha nambala, dzina la tsiku n'kulisiya momwemo, ndiye pepala limatuluka likunena Lachiwiri pa deti la Lolemba. Pepala lotere ndi loipa kuposa lopanda dzina la tsiku, chifukwa theka la anthu likhulupirira dzina, theka lina nambala. Mwezinso usafupikitsidwe. Juni ndi Julayi amayamba mofanana, ndipo inki ikafufuma pa bolodi la panja sasiyanitsika.

Mawu ngati "mawa", "Lolemba likubwerali" kapena "sabata yamawa" ndi abwino pocheza, koma pa chidziwitso amaola msanga. Pepala lomatidwa Lachitatu, dalaivala amene adali ku ulendo angaliwerenge Lachiwiri la sabata inayo, ndipo kwa iye Lolemba likubwera ndi lina. Pa WhatsApp n'chimodzimodzi, uthenga ukamatumizidwa kuchoka pa gulu lina kupita pa lina umataya tsiku lomwe udalembedwa. Ine ndimakondanso kulemba Lamulungu m'malo mwa Lasabata, popeza kwa anzathu a Seventh Day sabata ndi Loweruka.

Chidziwitso chabwino cha tchuthi chimenechi chikadaoneka motere:

"Kwa ogwira ntchito onse. Chalembedwa Lachitatu, 28 Febuluwale 2024. Tsiku lokumbukira amene adafera ufulu wa dziko lino, 3 Malichi 2024, likugwa Lamulungu. Pa chifukwa chimenechi tidzapuma Lolemba, 4 Malichi 2024, ndipo ofesi idzakhala yotseka tsiku lonse. Ntchito idzayambanso Lachiwiri, 5 Malichi 2024, nthawi ya 7:30 m'mawa. Loweruka, 2 Malichi 2024, tidzagwira ntchito monga mwa masiku onse. Alonda atsatire ndandanda yomwe yamatidwa m'munsimu. Wokhala ndi funso aonane ndi mkulu woona za ogwira ntchito."

Taonani kuti silikunena kuti tsikulo lasuntha. Tsiku lokumbukira silisuntha: zomwe zidachitika ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, pomwe asilikali a boma la atsamunda adaombera anthu, zimakumbukiridwa pa 3 Malichi basi. Chomwe chasuntha ndi kupuma. Chidziwitso chikapanda kutchula masiku onse awiri, wina amaganiza kuti tchuthi chidapita ndi Lamulungu, n'kulawirira Lolemba kukapeza geti lokhoma, ndalama ya minibasi itapita kale. Tsiku lobwerera ku ntchito nalonso liyenera kulembedwa, ngakhale likuoneka lodziwikiratu, chifukwa ndilo limatseka pakamwa pa amene angafune kuwonjezera Lachiwiri pa tchuthi chake.

Mzere wa alonda uja ndi umene olemba ambiri amaiwala, pomwe ndi umene uli ndi ndalama. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma alipidwe ovataimu yosachepera kawiri malipiro ake a pa ola. Tsono mlonda wolowa Lamulungu 6 koloko madzulo n'kuweruka Lolemba 6 koloko m'mawa wagwira maola 6 pa 3 Malichi ndi maola ena 6 pa 4 Malichi. Ndi maola ati amene awerengedwe ngati a tchuthi? Funso limeneli bwana alifunse ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake chidziwitso chisanatuluke, ndipo yankho lilembedwe pa ndandanda, shifiti iliyonse ndi deti lolowera komanso deti lowerukira. Mawu akuti "usiku wa Lolemba" asapezekepo okha, chifukwa wina amva usiku wolowa Lolemba, wina usiku wotuluka.

Pa mafayilo a pa kompyuta, pomwe mawu sakwana, pali kalembedwe kovomerezeka pa dziko lonse kotchedwa ISO 8601, koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2024-03-04. N'kothandiza pa dzina la fayilo ndi pa ndandanda ya malipiro, koma pa bolodi pomwe amawerenga wophika tiyi ndi wosesa, lembani m'mawu.

Chidziwitsocho chituluke boma likangolengeza, masiku angapo tchuthi chisanafike, kuti ofuna kupita ku mudzi akonzekere. Musanachimate, patsani munthu mmodzi amene sadachilembe kuti awerenge, ndipo mumufunse tsiku lomwe adzapume ndi lomwe adzabwerere ku ntchito. Akayamba wafunsa kuti "Lolemba lake liti, bwana?", bwererani nacho pa tebulo mukalembenso.