Kulipira pa mwezi kapena pa chaka: amapindula ndani?

Amene munayesapo kugula pulogalamu ya pa kompyuta munaona mitengo iwiri, wa pa mwezi ndi wa pa chaka. Mwachitsanzo, mu 2025 Microsoft 365 Personal imagulitsidwa ku America pa madola 9.99 pa mwezi kapena 99.99 pa chaka. Wolipira mwezi ndi mwezi amatulutsa madola pafupifupi 120 pa chaka, pomwe wolipira kamodzi amatulutsa 100. Ndiye kuti miyezi iwiri amaipeza mwaulere. Kodi kampani imaloleranji kutaya ndalama chotere?

Yankho lagona pa makasitomala amene amasiyira panjira. Tiyerekeze kuti kampani ina yaying'ono ili ndi makasitomala 100, aliyense akulipira madola 10 pa mwezi. Mwezi woyamba kulowa madola 1,000. Koma ngati mwezi uliwonse anthu 5 mwa 100 alionse akusiya, chaka chikamatha kudzatsala anthu pafupifupi 54 okha, ndipo ndalama zonse za chakacho zidzakhala pafupifupi madola 9,200. Anthu omwewo akadalipira madola 100 aliyense tsiku loyamba, kampani ikadalandira 10,000. Yatsitsa mtengo, koma yapeza zambiri, ndiponso yazipeza msanga.

Komabe si nthawi zonse pamene zimayenda chonchi. Ngati wosiya ndi munthu mmodzi yekha mwa 100 pa mwezi, olipira mwezi ndi mwezi abweretsa madola opitirira 11,300, ndipo kutsitsa mtengo kuja kusanduka kuluza. Malire ake ndi miyezi 10. Ngati pa avareji makasitomala amalipira miyezi yosakwana 10 pa chaka, mtengo wa pa chaka ukomera kampani. Ngati pa avareji amakhalitsa kuposa pamenepo, kampani yangopatsa mphatso anthu amene sakadachoka n'komwe.

Kulandira ndalama msanga kuli ndi ubwino wake. Kampani itha kulipira antchito kapena kutsatsa malonda popanda kukongola ku banki. Koma pali msampha. Madola 10,000 aja sanakhale ake onse, chifukwa ntchito ya miyezi 12 isanagwiridwe. N'chifukwa chake m'mabuku a ndalama amalembedwa ngati ngongole imene kampani ili nayo kwa makasitomala, ndipo mwezi uliwonse gawo limodzi mwa magawo 12, lomwe ndi pafupifupi madola 833, ndilo limawerengedwa kuti lapezedwa. Mwini bizinesi akaona akaunti yadzaza n'kuwononga zonse m'miyezi itatu, atsala ndi miyezi isanu ndi inayi yogwira ntchito popanda cholowa. Kuti adziwe ngati ali pabwino, ayerekeze ndalama zotsala mu akaunti ndi zimene adzafunika kuti amalize miyezi imene analandirira kale.

Nanga ikakwana nthawi yolipiranso? Wolipira pa mwezi amakhala ndi mpata wosiya ka 12 pa chaka, koma ndalama yake ndi yochepa, ndiye kawirikawiri saiganizira. Wolipira pa chaka ali ndi mpata umodzi wokha, koma pa tsikulo ndalama yake ndi yaikulu, moti amakhala pansi n'kudzifunsa ngati chinthucho chamuthandizadi. Choncho anthu sachoka pang'onopang'ono ayi, amachoka ambiri nthawi imodzi chaka chikatha. Munthu atha kusiya kutsegula pulogalamu mwezi wachitatu, koma m'kaundula amaonekabe ngati kasitomala kufikira mwezi wa 12. Kampani yochenjera imayang'ana amene akugwiritsadi ntchito pulogalamuyo, osati amene analipira basi.

Palinso cholakwika china chofala. Kampani ikaona kuti olipira pa chaka ndi amene amabwereranso kwambiri, imaganiza kuti dongosololo ndi limene lawagwira. Chonsecho amene amasankha kulipira chaka chonse nthawi zambiri ndi omwe anachikonda kale chinthucho.

Kwa ife ogula, funso ndi limodzi: kodi ndigwiritsa ntchito miyezi yoposa 10? Wophunzira amene akufuna pulogalamu ya madola 10 pa semesita imodzi ya miyezi inayi alipira 40 basi, osati 100. Koma amene aifuna chaka chonse, kulipira kamodzi kumamutetezanso kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, popeza mitengoyi ndi ya madola.

Musanalipire, fufuzani zinthu ziwiri: ngati amabweza ndalama mukasiyira panjira, ndiponso ngati adzadula okha ndalama pa khadi lanu chaka chikatha. Ambiri amatero. Lembani tsikulo pa kalendala, kuti posankha kupitiriza mukhale mwasankha nokha.