Chithunzi cha kamera kapena chojambula? Zimene tinagwirizana ndi mayi a kukopaletivi

Mukangoika apu yatsopano m'foni, mumayamba mwaona masamba atatu kapena anayi okulonjerani ndi kukuuzani ntchito yake. Anthu ambiri amangowakankha ndi chala msangamsanga. Ife amene timakonza masambawa timadziwa kuti tili ndi kamphindi kochepa, n'chifukwa chake nkhani ya chithunzi choikapo imatenga nthawi pokambirana ndi kasitomala.

Ndinagwirapo ntchito ndi mayi wina woyang'anira kopaletivi ya alimi, amene ankafuna apu yothandiza kuzindikira mbozi m'chimanga. Anabwera atatsimikiza kale. "Achimwene, ine ndikufuna anthu enieni. Zidolezi alimi athu aziona ngati za ana." Sindinawatsutse, chifukwa mbali ina ankanena zoona. Zojambula zopanda mithunzi, za mitundu yochepa, zinafala kwambiri Apple itasintha maonekedwe a iOS 7 mu 2013 ndiponso Google itatulutsa Material Design mu 2014. Lero zambiri zimafanana: anthu a miyendo italiitali, timitu ting'onoting'ono, khungu lofiirira ngati biringanya. Mlimi wa ku Dedza sangadzione pamenepo.

Ndinawapempha kuti tiyang'ane tsamba lililonse palokha, n'kudzifunsa kuti chithunzicho chikugwira ntchito yanji.

Tsamba lachiwiri linkaphunzitsa kagwiridwe ka foni pojambula mbewu. Tinayesa kaye ndi kamera. M'chithunzimo munalowa mizere ya chimanga, udzu, khasu, chitenje cha maluwa, mpaka dzanja logwira foni linasowa pakati pa zonsezo. Titajambula pakompyuta, tinasiya zinthu zitatu zokha: dzanja, foni ndi tsamba la chimanga, kamuvi kakusonyeza mtunda wake. Mphamvu ya chojambula ndi imeneyi: umachotsa zonse zosokoneza maso.

Kenako ndinawaonetsa kulemera kwa mafayilo. Chojambula cha vekita sichisunga timadontho ngati chithunzi cha kamera; chimasunga malangizo akuti mzere uyambire apa, upindike apo, mkati muthiridwe mtundu wobiriwira. Fayilo yathu ya SVG inali ndi makilobaiti 12, pamene chithunzi cha JPEG chodzaza sikirini chinali ndi pafupifupi 300. Komanso mafoni a Android amasiyana kuthithikana kwa timadontho, kuyambira mdpi mpaka xxxhdpi, choncho chithunzi cha kamera chimafunika kuchikonza m'masaizi angapo kuti chisaoneke chambuu. Vekita imodzi imakwanira onse, ndipo mukasintha mtundu wa kampani mawa, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mayiwo atamva za bandulo ndi malo m'timafoni ta Itel timene alimi awo ambiri ali nato, anagwedeza mutu.

Koma vekita ili ndi polekezera. Foni imachita kuijambula yokha nthawi imene tsamba likutseguka, ndiye ikachuluka tizigawo, foni yofooka imadodoma. Malangizo a Android amati vekita zotere zisamapitirire 200 x 200 dp. Chojambula chathu chachikulu tinachisandutsa WebP.

Pa tsamba lachitatu ndi pamene ndinawauza kuti, "Apa mayi mwapambana ndinu." Tsambalo linkasonyeza chizindikiro choti mbozi zalowa m'munda: masamba odyedwa mpaka kutsala kakhungu koonekera kuseri, ndi ndowe zonga utuchi m'kati mwa nsonga ya chimanga. Zimenezi sungazifewetse. Ukazijambula ndi mitundu iwiri, zimangooneka ngati madontho wamba, ndipo mlimi angasokoneze mbozi ndi matenda a masamba, n'kuwononga ndalama pa mankhwala olakwika. Pamene munthu ayenera kufananitsa chimene chili pasikirini ndi chimene chili m'manja mwake, pamafunika kamera. Tinajambula pafupi kwambiri, m'mawa dzuwa lisanakule, popanda nkhope ya munthu.

Nkhani ya nkhopeyo ndinaifotokoza mosabisa. Mukajambula mlimi weniweni, pamafunika chilolezo cholemba, ndipo akadzachoka m'kopaletivi n'kunena kuti mumuchotse, muyenera kutumanso wojambula kumunda, mwina nyengo ya chimanga itatha. Zithunzi zogula pa intaneti nazo zimadziulula zokha: munda wa thirakitala, chipewa chachilendo, dothi losakhala lathu.

Tsamba loyamba, lolonjera, linatsala pang'ono kutigawanitsa. M'malo mokangana, ndinaika mitundu yonse iwiri m'foni yotchipa n'kutuluka nawo panja masana. Mawu oyera olembedwa pamwamba pa chithunzi cha kamera sankawerengeka padzuwa. Pa chojambula ankaoneka bwinobwino. Anasankha chojambula, koma anaika lamulo limodzi: mayi wojambulidwayo akhale wakuda, avale chitenje ndi duku, ndipo khasu likhale la mpini waufupi ngati lakwathu. Khasulo ndinalijambula katatu asanavomere.