Chiwonkhetso chosasiya mzere panja

Ndikamaona maakaunti a banki m'khonde olembedwa mu Excel, vuto limene ndimalipeza kawirikawiri limakhala pa mzere wa chiwonkhetso. Tinene kuti mamembala 9 asonkha K5,000 aliyense, kuyambira B2 mpaka B10, ndipo mu B11 mwalemba:

```
=SUM(B2:B10)
```

Yankho ndi K45,000. Mukalowetsa mzere watsopano pakati, fomula imafutukuka yokha. Koma mukaulowetsa pamwamba penipeni pa chiwonkhetso, mzerewo uli kunja kwa malire. Nthawi zina Excel imauphatikiza, nthawi zina ayi, ndipo m'malo mwa K50,000 mumaonabe K45,000. Kuti mudziwe, dinani F2 pa chiwonkhetsocho: mpanda wamtundu umaonetsa manambala amene akuwerengedwa.

Ine ndimalemba chonchi:

```
=SUM(B1:INDEX(B:B,ROW()-1))
```

ROW() imapereka nambala ya mzere umene fomulayo ili, choncho kuchotsapo 1 kukutanthauza mzere wapamwamba pake, kaya chiwonkhetso chatsikira pati. Ndimayambira pa B1, pamene pali mutu, kuti mzere wolowetsedwa koyambirira nawonso ugwidwe. SUM siwerenga mawu, koma samalani: mutuwo ukakhala nambala, monga chaka cha 2025, udzawonkhetsedwa pamodzi ndi ndalama.

Powonkhetsa chopingasa, miyezi ikamawonjezeka, nzeru yake ndi yomweyo:

```
=SUM(A2:INDEX(2:2,COLUMN()-1))
```

Apa A2 ndi dzina la membala. Mukamaliza, yesani: lowetsani mzere, lembani 1, ndipo chiwonkhetso chikwere ndi 1.