Zimene cholembera chimasiya pakamwa

Lembani mawu atatu awa papepala: mphunzitsi ndi mlimi. Mukapatsa anthu awiri kuti awerenge, mmodzi akhoza kumva kuti pali munthu mmodzi amene amaphunzitsa kwinaku akulima, wina n'kumva kuti pali anthu awiri, wa choko ndi wa khasu. Onsewo sanalakwe. Poyankhula palibe Mchewa amene angasokonezeke, chifukwa ka "ndi" kolumikiza zinthu ziwiri timakatchula ndi liwu lokwera, pamene ka "ndi" konena kuti chakuti ndi chakuti timakatchula ndi liwu lotsika. Khutu limamva kusiyanako popanda kuuzidwa. Pepala silikusonyeza.

Chichewa, monga zinenero zambiri za gulu la Chibantu, chimasiyanitsa matanthauzo pokweza kapena kutsitsa liwu pa phatikizo lililonse la mawu. Sitikunena za kufuula kapena kunong'ona ayi, koma kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene kumamveka munthu akamayankhula bwinobwino. Akatswiri a zinenero akafuna kukusonyeza amaika kamzere kopendekera pamwamba pa lembo la liwu limene lakwera. Motero nsómba imakwera poyambirira, chímanga chimodzimodzi, nyumbá imakwera kumapeto, pamene nyama ndi Lilongwe zimayenda chotsika kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. N'zoona, koma mayina otere savutitsa kwenikweni. Alipo ochepa, ndipo nkhani yake imawaulula msanga. Palibe amene amawerenga kuti mtengo wa feteleza wakwera n'kumayang'ana nthambi. Vuto lenileni lili m'aneni, pamene kukwera kwa liwu ndi kumene kumanena nthawi imene chinthu chinachitika.

Tengani mneni "thandiza". Mukanena kuti ndímathandíza, liwu litakwera pa "ndi" ndi pa "di", mukunena za khalidwe lanu la masiku onse. Mukanena kuti ndimathándiza, liwu litakwera pa "tha" pokha, mukunena zimene munali kuchita nthawi ina yapitayo, mwina m'mawa womwewu. Malembo ndi omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Pokana zilinso chimodzimodzi: síndíthandiza ndi munthu amene sachita zothandiza, pamene sindithandíza ndi munthu amene wakana kuti lero kapena mawa sachita. Ndipo síndinapíte ndi nkhani yotha, ulendo unalephereka, pamene sindinapíte ndi munthu amene akadali m'nyumba, nsapato zili kuphazi. Katchulidwe kamasiyanako pang'ono pakati pa Kasungu, Ntcheu ndi Chipata, koma kusiyanitsa kwa nthawizi kumamveka ponseponse.

Tsono taganizirani womasulira amene wapatsidwa sitetimenti yolembedwa pamanja kuti aiike m'Chingerezi. Tiyerekeze kuti mayi wina anakadandaula kupolisi, wapolisi n'kulemba mawu ake monga anawamvera: "Amandimenya. Sindinapite kuchipatala." Mayiyo poyankhula ananena chinthu chimodzi chomveka. Ngati anati ámandiménya, ndiye kuti akunena za nkhanza za nthawi zonse, zimene zikuchitikabe. Ngati anati amandímenya, akufotokoza zimene zinali kuchitika pa nthawi ina yake, mwina pamene anansi anathamangira atamva kukuwa. Chiganizo chachiwiri nachonso chili pawiri: mwina sanapite kuchipatala tsiku lijalo ndipo zinathera pomwepo, mwina sanapitebe koma akuyembekeza kupita. Ziganizo ziwiri zokha zabala matanthauzo anayi, ndipo Chingerezi sichilola womasulira kubisala, chifukwa nthawi iliyonse mwa izi ili ndi mawu akeake. Ayenera kusankha. Akasankha molakwa, nkhanza za zaka zambiri zimasanduka ndewu ya usiku umodzi, kapena ndewu ya usiku umodzi imasanduka khalidwe la munthu.

Womasulira wodziwa ntchito yake sathamangira. Amayamba wayang'ana aneni oyandikana nawo. Ngati nkhani yonse ikuyenda ndi "anabwera", "anatseka chitseko", "ndinakuwa", ndiye kuti "amandimenya" ali m'kati mwa usiku umenewo. Ngati pali mawu onga "chikwatirane", "akaledzera" kapena "nthawi zonse", ndiye kuti ndi khalidwe. Amayang'ananso tsiku limene sitetimenti inalembedwa: ngati ndi m'mawa wotsatira, "sindinapite" akupendekera ku ulendo umene ukadali m'tsogolo. Zizindikiro zonsezi zikasowa, njira yoona ndi imodzi yokha, kufunsa mwini mawu kapena amene anawalemba, ndipo ngati sapezeka, kulemba poyera kuti chiganizochi chikhoza kumveka pawiri. Omasulira ena amaona ngati kutero n'kuonetsa kulephera. Ine ndimaona kuti wolephera ndi amene wasankha mwakachetechete, ena n'kumaweruza mlandu pa zongoganizira zake.

Womasulira wotanthauzira pakamwa m'khoti alibe vuto limeneli, chifukwa iye amamva liwu. Limayamba pamene mawu achoka pakamwa n'kulowa m'kaundula, ndiye chifukwa chake wolemba zimene zajambulidwa pa tepi ayenera kukhala tcheru kuposa wina aliyense. Iyeyo ndi munthu womaliza kumva kusiyanako.

Pomasulira kuchoka ku Chingerezi kubwera ku Chichewa msampha umatembenuka. Womasulira amadziwa chimene akufuna kunena, amachimva m'mutu mwake ndi liwu loyenera, ndiye saona kuti papepala chatuluka chapawiri. Walemba kuti "mukagona kuchipatala" akutanthauza kuti múkágona, mupita kukagona kumeneko, koma wowerenga wayamba ndi liwu la mukagóna, akudikira kumva chimene chichitike akagonako. Mverani owerenga nkhani pa wayilesi kapena wowerenga mawu m'tchalitchi: akafika pakati pa chiganizo n'kuima, n'kubwerera poyambira, kawirikawiri si kuti sadziwa kuwerenga. Anayamba mneni ndi liwu la nthawi ina, mapeto a chiganizo n'kumutsutsa.

Alembi a Chichewa anapeza kale njira zozembera, ngakhale ambiri amazichita osadziwa chifukwa chake. Pa zakale amalemba "ankandimenya" m'malo mwa "amandimenya", ndipo ka "nka" sikasiya chikayiko. Ambiri amalemba "adapita" pa zinthu zakalekale, chifukwa "anapita" akhoza kukhala wa kalekale kapena wa lero lomwe, malinga ndi pamene liwu lakwera. Amawonjezera "be" kuti "sindinapitebe". Amaika "komanso" kapena "pamodzi ndi" pamene "ndi" angasocheretse. N'chifukwa chake Chichewa cholembedwa bwino chimatalikirapo kuposa choyankhula: mawu owonjezerawo akugwira ntchito imene liwu likanagwira.

Si ife tokha. M'Chizulu, ka "u" koyambira mneni kamaimira "iwe" kakatsika ndipo kamaimira "iye" kakakwera, kotero "uyahamba" wolembedwa akhoza kukhala iwe ukupita kapena iye akupita. Chishona, Chibemba ndi Chinyarwanda nazonso zimalembedwa tsiku ndi tsiku popanda zizindikiro za liwu. Chiswahili chokha, ndi zina zochepa monga Chitumbuka, n'zimene zinasiya kusiyanitsa matanthauzo mwa njirayi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene alendo amachipezera Chiswahili chofewerapo kuphunzira kuchokera m'buku.

Nanga bwanji osangoika timizereto? Si kuti palibe anayesapo. Mark Hanna Watkins, katswiri wa ku Amereka amene anasindikiza galamala ya Chichewa mu 1937, anasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu m'buku lake, ndipo amene ankamutchulira mawuwo anali Kamuzu Banda, pa nthawiyo ali wophunzira ku Chicago. Akatswiri athu monga Al Mtenje ndi Sam Mchombo amaika zizindikirozi m'mabuku awo a kafukufuku. Koma Buku Lopatulika la 1922, limene linaphunzitsa mibadwo yambiri kuwerenga, lilibe zizindikiro za kukwera kwa liwu, ndipo malamulo a kalembedwe amene anatuluka mu 1973, 1980 ndi 1990 sanazilowetse.

Pali chifukwa chomveka chokayikira. Kukwera kwa liwu sikukhala malo amodzi: kumafalikira ku phatikizo lotsatira, kumasuntha kapena kuzimirira malinga ndi mawu oyandikana nawo, ndipo kumasiyana chigawo ndi chigawo. Mukalamula kuti aliyense azilemba monga akutchulira, mawu amodzi adzaoneka mosiyanasiyana pa tsamba limodzi, ndipo mkangano wakuti Chichewa chenicheni ndi cha kuti udzayambiranso. Ku Cameroon, katswiri wina dzina lake Steven Bird anayesa owerenga chinenero cha ku Dschang, chimene chinkalembedwa ndi zizindikiro zambiri, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1999 zinaonetsa kuti zizindikirozo zinkachedwetsa kuwerenga m'malo mothandiza. Zimenezi sizitanthauza kuti chizindikiro chilichonse n'choipa. Zikungotichenjeza kuti kuchulutsa n'kuwononga. Kwa ine, malo oyenera timizereti ndi ochepa: m'madikishonale, m'mabuku ophunzitsira alendo, ndi m'zolemba za milandu kapena zachipatala pamene mneni mmodzi angasinthe chigamulo.

Ovutika kwambiri ndi ophunzira, makamaka amene ayambira m'buku. Mzungu amauzidwa kuti m'Chichewa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi limene limatalika, zomwe n'zoona, koma iye amamva ngati auzidwa kuti azilikweza nthawi zonse. Ndiye amakweza pakati pa chimanga, pakati pa Lilongwe, ndi pa mneni aliyense mofanana. Timamumva ndithu, ndipo mwaulemu wathu sitimukonza, choncho akhoza kukhala m'dziko muno zaka zambiri osadziwa kuti "ndimathandiza" ndi mawu awiri. Ana a Amalawi obadwira ku Joni kapena ku Mangalande, amene Chichewa amachiona kwambiri m'mauthenga a pafoni kuposa kuchimva, akhoza kugwa m'mbuna yomweyo, ngakhale iwo ali ndi mwayi wakuti khutu lawo linamvapo makolo akuyankhula.

Mphunzitsi wa ophunzira otere asayambe ndi mténgo ndi mtengo, chifukwa zimenezo zimangoseketsa kalasi. Atenge mneni mmodzi wautali, monga "thandiza" kapena "fotokoza", pakuti pa mneni wamfupi zokwera zimapanikizana ndipo sizimveka bwino. Aunene m'nthawi ziwiri zolembedwa mofanana, kenako aung'ung'uze osatsegula pakamwa, kuti wophunzira amve kukwera ndi kutsika kokha popanda malembo. Wophunzirayo aloze nthawi imene wamva, aike yekha kamzere m'kope mwake, ndipo pokhapokha akatha kusiyanitsa ndi khutu m'pamene ayambe kutchula. Kakwezedwe ka nthawi iliyonse kamakhala kofanana pa aneni ambiri, kotero akagwira ka "ndímathandíza" wagwiranso ka "ndímafotokóza" ndi ka "ndímaphunzítsa", ndipo mawa akhoza kuyamba za kukana.