Makiro yakana pa laputopu yatsopano: vuto lili pati?

Tiyerekeze ofesi ya akaunti pa mapeto a mwezi. Muli fayilo ya Excel imene yakhala ikuwerengetsera malipiro kwa zaka zambiri: munthu amadina batani, kafomu n'kutuluka, amasankha tsiku, ndipo manambala amadzisanja okha. Amene amachita zimenezi ndi makiro, kapulogalamu kakang'ono kolembedwa m'chinenero cha VBA, kamene kamakhala m'kati mwa fayiloyo. Ndiyeno mnzanu wapatsidwa laputopu yatsopano, mwamutumizira fayiloyo pa imelo, iye adine batani, zii. Mawu oyamba kumveka amakhala akuti, "Fayilo yanuyi yafa." Ena amaloza chala laputopu.

Kawirikawiri zonse ziwiri zimakhala zili bwinobwino. Chimene chasintha ndi malo amene makiroyo yafikira, ndipo uthenga wa pa sikirini, umene ambiri amautseka asanauwerenge, umanena chimene chavuta.

Choyamba kuyang'ana ndi kampata ka pamwamba pa maselo. Pakakhala mzere wachikasu wolembedwa SECURITY WARNING, Excel yangoimitsa makiro kudikira chilolezo chanu, ndipo batani la Enable Content limathetsa nkhaniyo. Mzere wofiira wolembedwa SECURITY RISK ndi wina, ndipo ulibe batani lolola. Kuyambira mu 2022, kampani ya Microsoft idayamba kutsekeratu ma makiro a m'mafayilo ochokera pa intaneti, chifukwa akuba ankabisa mavayirasi m'mafayilo ooneka ngati ma invoyisi. Windows imaika kachizindikiro kosaoneka pa fayilo yotsitsidwa pa intaneti kapena pa imelo, ndipo Excel yatsopano ikakaona imakana. Ndiye chifukwa chake fayilo imodzimodziyo imagwira kwa inu, kumene idabadwira, n'kukana kwa mnzanu amene waitsitsa.

Kuchotsa chizindikirocho n'kosavuta. Sungani fayiloyo pa kompyuta, itsekeni mu Excel, idineni ndi batani la kumanja la mawusi, sankhani Properties, ndipo pansi pa General chongani Unblock. Koma chitani zimenezi pokhapokha mukudziwa amene watumiza, makamaka mutamufunsa ndithu. Fayilo yogwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi ndi bwino kuiika mu foda imene yalembedwa pa Trusted Locations, m'kati mwa Trust Center. Pali akatswiri a m'maofesi amene amathamangira kusankha Enable all macros kuti asamavutitsidwe. Kumeneko n'kutsegulira makiro iliyonse, ya akuba yomwe, pofuna kuthandiza fayilo imodzi. Sindingalangize munthu kutero.

Tsopano mzere wofiira wachoka, mnzanu wadina batani, ndipo m'malo mwa kafomu kaja patuluka zenera lodzaza ndi malemba, pamwamba pake uthenga uwu:

```
Compile error:
Can't find project or library
```

Apa ndi pamene anthu amasochera, chifukwa VBA imadetsa mawu amodzi ngati kuti ndiwo olakwa. Mwachitsanzo ikhoza kuloza `Trim` pa mzere wotere:

```
dzina = Trim(Range("B2").Value)
```

`Trim` alibe mlandu. Ntchito yake ndi kuchotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu, ndipo amapezeka mu Excel iliyonse. Munthu akhoza kutha tsiku lonse akukonza mzere umene uli bwino kale.

Nkhani yake ndi yakuti makiro ili ngati mmisiri amene zida zina amabwereka kwa anansi. Zidazo zimakhala m'mafayilo ena a pa kompyuta otchedwa malaibulale, ndipo fayilo ya Excel simawanyamula; imangosunga mndandanda wa mayina awo. VBA ikakumana ndi mawu ngati `Trim`, `Left` kapena `Date`, imafufuza tanthauzo lake m'mndandandawo. Laibulale imodzi ikasowa, kufufuzako kumasokonekera, ndipo mlandu umagwera mawu amene amafufuzidwa pa nthawiyo.

Kuti mupeze wolakwa weniweni, dinani Alt+F11, kenako Tools, kenako References. Ngati References ndi yotuwa, yosadinika, ndiye kuti makiro ikadali chiimire pakati pa ntchito. Pitani pa Run ndi kusankha Reset. Ngati wolemba adatseka makiro ndi pasiwedi, mufunika pasiwediyo kaye. Pa mndandanda umene utuluke, chapamwamba, mupeza dzina lochongedwa loyamba ndi MISSING. Mu fayilo yathu ya malipiro, dzinalo ndi Microsoft Windows Common Controls-2 6.0, laibulale ya m'fayilo ya MSCOMCT2.OCX, mmene mumachokera kakalendala kosankhira tsiku.

N'chifukwa chiyani kompyuta yatsopano ilibe chimene yakale ili nacho? Kakalendalako kadapangidwira mapulogalamu a 32-bit okha. Kale Office ya 32-bit ndiyo inkaikidwa pa makompyuta ambiri, koma kuyambira pa Office 2019 ndi Microsoft 365, imene imalowa yokha munthu akapanda kusankha ndi ya 64-bit. Mukhoza kuona mtundu wanu pa File, Account, About Excel. Ngati ndi 64-bit, musavutike n'kukopera MSCOMCT2.OCX pa fulashi kuchokera ku kompyuta yakale, kapena kuisaka pa masamba osadziwika a pa intaneti. Singagwire.

Malangizo ofala ndi akuti chotsani chongi pa dzina la MISSING, basi. Zimathandizadi ngati laibulaleyo idachongedwa kalekale koma makiro simaigwiritsa ntchito, ndipo zotere n'zambiri. Njira yodziwira ndi kuchotsa chongicho pa kope la fayilo, osati pa yeniyeniyo, kenako kusankha Compile VBAProject pansi pa Debug. Ikadutsa osadandaula, yesani batani lililonse, chifukwa zolakwika zina zimaonekera makiro ikamayenda. Koma fayilo yathuyi imadalira kakalendalako, choncho kuchotsa chongi kumangosamutsira vuto pa kafomu. Mankhwala enieni ndi kuchotsa kakalendalako, n'kuikapo kabokosi wamba kolembamo, TextBox, ndi mizere yochepa yoona ngati cholembedwacho ndi tsikudi:

```
If Not IsDate(txtTsiku.Value) Then
    MsgBox "Lembani tsiku bwino"
    Exit Sub
End If
```

Pamenepa samalani ndi chinthu chimodzi. Laputopu zambiri zimabwera zitatcheredwa kuwerenga masiku mwa ku America, mwezi patsogolo. Munthu akalemba 03/04/2024 akutanthauza 3 Epulo, kompyuta yotere imamva 4 Malichi, ndipo `IsDate` savuta chifukwa onse ndi masiku enieni. Onani Region mu Windows musanayambe kulipira anthu.

Pali msampha wina umene umagwira mwini fayilo. Malaibulale a Office yeniyeniyo, monga a Outlook ndi Word, ali ndi manambala: 14.0 ndi ya Office 2010, 15.0 ndi ya 2013, ndipo 16.0 ndi ya 2016 kudza mtsogolo. Fayilo ikatsegulidwa pa Office yatsopano, nambalayo imakwera yokha popanda vuto. Mnzanu akaisunga n'kukubwezerani, Office 2010 yanu sidziwa 16.0, ndipo MISSING imatulukira kwa inu. Olemba makiro odziwa ntchito amapewa zimenezi posachonga Outlook n'komwe. Amaiitana ndi `CreateObject("Outlook.Application")` pa nthawi imene ikufunika, ndipo makiro imagwiritsa ntchito Outlook imene yaipeza.

Choncho ofesi ikamagula makompyuta atsopano, musapereke yakale kwa wina musanayese mafayilo onse a .xlsm pa yatsopanoyo, ndipo kuyesako kuchitike pakati pa mwezi, anthu asanayambe kufunsa za malipiro.